Kulembera Mnzanu Wachikatolika Mafuno a Paska m'Chitaliyana

Uthenga wa Paska wopita kwa mnzanu wa ku Italiya sufunika kutalika, pakuti mizere itatu kapena inayi yolembedwa molondola imakwanira kunena zonse zimene mtima wanu ukufuna. Ambiri a ife tili nawo anzathu otere. Ena ndi ansembe a chipani cha Montfort amene anatumikira ku Balaka ndi ku Mangochi kenaka nabwerera kwawo atakalamba, ena ndi a chipani cha Comboni amene tinawadziwa ku Lunzu, ena ndi asisteri, ndipo ena ndi anthu wamba amene anadzagwira ntchito yodzipereka pachipatala kapena pasukulu ya mishoni. Anthu amenewa anavutika kuphunzira Chichewa chathu, mwina akupunthwa pa mawu ena tsiku ndi tsiku, choncho nkoyenera kuti nafenso tivutikeko pang'ono kuti pa chaka chachikulu koposa cha Mpingo tiwalonjere m'chinenero chimene amayi awo anawaphunzitsa kupemphereramo.

Uthengawo uli ndi zigawo zinayi: kuitana munthuyo, mafuno a Paska, dalitso lokhudza iye mwini, ndi mawu otsekera. Koma musanalembe liwu lililonse pali chinthu chimodzi chofunika kuchigamula, ndipo ndi pamene ife olankhula Chichewa timalakwitsa kawirikawiri.

Yambani mwasankha mmene mudzamutchulire

Kwathu tikafuna kulemekeza munthu mmodzi timamuchulukitsa, timati "inu" m'malo mwa "iwe". Chifukwa cha chizolowezi chimenechi, munthu akamva kuti "inu" m'Chitaliyana ndi *voi*, amathamangira kuligwiritsa ntchito polembera wansembe kapena mayi wachikulire. Chitaliyana cha masiku ano sichiyenda choncho. *Voi* ndi la anthu awiri kapena ochuluka, ngakhale kuti kum'mwera kwa dzikolo mudzamvabe ena akulinena kwa munthu mmodzi wamkulu. Ulemu kwa munthu mmodzi umaperekedwa ndi liwu lakuti *Lei*, pamene *tu* ndi la mnzanu, m'bale, mwana, ndiponso Mulungu m'mapemphero.

Njira yosavuta yodziwira ndiyo kuyang'ana mauthenga amene mnzanuyo anakutumiziranipo kale. Ngati mwa iwo mukupezeka timawu tonga *ti*, *tuo*, *tua* kapena moni wakuti *ciao*, ndipo msinkhu wanu ndi wofanana, lembani ndi *tu* mopanda mantha. Kwa Ataliyana *tu* si chipongwe pakati pa mabwenzi, ndipo kulembera bwenzi lenileni ndi *Lei* kumamveka ngati mwamutalikira kapena mwakhumudwa naye. Ngati ndi wansembe, sisteri kapena munthu wamkulu kwa inu amene sanakuuzenipo kuti muzimutchula *tu*, gwiritsani *Lei*, ngakhale iye atakhala kuti amakulemberani ndi *tu*. Iye mwini akafuna adzanena kuti *diamoci del tu*, kutanthauza kuti tiyeni tizitchulana monga mabwenzi, ndipo kuyambira pamenepo mukhoza kusintha.

Chimene mwasankha chikhale chomwecho kuyambira pamwamba mpaka pansi. Uthenga umene wayamba ndi *Lei* nkuthera ndi *tu* umaonetsa msanga kuti munthu anangotola ziganizo m'malo osiyanasiyana nkuzilumikiza. Chiganizo chakuti "ndikukufunira" chimasintha motere: kwa mnzanu ndi *ti auguro*, kwa wolemekezeka ndi *Le auguro*, kwa anthu angapo ndi *vi auguro*. Ngati mukulemba m'malo mwa banja lanu lonse, *auguro* amasanduka *auguriamo*, ndiko kuti "tikufunira".

Mzere woyamba: kumuitana

Kwa mwamuna lembani *Caro* nkutsatiza dzina lake loyamba, kwa mkazi *Cara*. Mukafuna kuonjezera chikondi pali *Carissimo* ndi *Carissima*, ndipo banja lonse mungaliitane ndi liwu limodzi lokha lakuti *Carissimi*. Samalani ndi mayina, chifukwa Andrea, Luca ndi Nicola ndi mayina a amuna ku Italiya ngakhale akuthera ndi *a*, kotero munthu wotere ndi *Caro Andrea*. Wansembe wa dayosizi amatchedwa *don* pamodzi ndi dzina lake loyamba, wansembe wa chipani kawirikawiri amatchedwa *padre*, ndipo sisteri amatchedwa *suor* dzina likamatsatira. Motero mudzalemba *Caro don Luigi*, *Caro padre Mario* kapena *Cara suor Teresa*, mayinawa nkungoyerekeza. Pambuyo pa dzina ikani mpumiro, ndipo mzere wotsatira uyambe ndi chilembo chaching'ono, chifukwa ndimo Ataliyana amalembera makalata awo.

Mafuno enieni a Paska

Mawu amene aliyense amanena ndi *Buona Pasqua*, kutanthauza Paska yabwino. Mudzawamva m'sitolo, m'basi, kwa oyandikana nawo nyumba, kwa okhulupirira ndi osakhulupirira omwe. Ndi mawu abwino ndipo palibe amene angakudzudzuleni nawo, koma pa okha sanena kanthu za chikhulupiriro. Liwu lina lofala ndi *auguri*, mafuno abwino, limene limanenedwa pa Khirisimasi, pa tsiku lobadwa, paukwati ndi pa Paska pomwe. *Tanti auguri di buona Pasqua* ndi chiganizo cholondola, chimene mungatumizire munthu aliyense.

Popeza mnzanu ndi Mkatolika, ndipo mwina nchikhulupiriro chomwecho chimene chinakukumanitsani, ine ndimakonda kuti uthenga uonetse zimenezo ndi liwu limodzi kapena awiri. Njira yofatsa ndiyo kuika *santa* m'malo mwa *buona*: *Ti auguro una Santa Pasqua*, ndikukufunira Paska yoyera. Mtaliyana akangoona *Santa Pasqua* amadziwa kuti wolembayo akuganiza za kuuka kwa Ambuye, osati za tchuthi ndi mazira a chokoleti okha. Njira yamphamvu ndiyo kulengeza kwa Paska kwenikweniko, *Cristo è risorto!*, Khristu wauka, kumene yankho lake ndi *È veramente risorto!*, waukadi ndithu. Moni umenewu ndi wozolowereka kwambiri m'mipingo ya Kum'mawa, koma Akatolika a ku Italiya amene amakonda za tchalitchi amaudziwa bwino ndipo amauyankha mosangalala. Mwa mawu atatuwa sankhani amodzi okha, chifukwa kuwaunjika onse kumachotsa mphamvu ya lililonse.

Ena amafuna kuikapo mawu a m'Malembo, ndipo ndi maganizo abwino malinga akhale afupi komanso otengedwa m'Baibulo la Chitaliyana, osati omasuliridwa ndi inu nokha. Akatolika a kumeneko amamva pa Misa Baibulo la bungwe la maepiskopi awo, limene linakonzedwanso mu 2008, ndipo khutu lawo linazolowera mawu ake. Moni wa Yesu kwa ophunzira ake pa Yohane 20:19 ndi mawu atatu okha, *Pace a voi!*, mtendere ukhale nanu, ndipo umayenera bwino uthenga wopita kubanja. Pa Luka 24:6 pali *Non è qui, è risorto*, sali kuno, wauka. Pa Lamulungu la Paska anthu amayankha Salimo 118, limene m'mabuku awo a Misa ndi 117, ndi mawu akuti *Questo è il giorno che ha fatto il Signore*, ili ndi tsiku limene Ambuye analipanga. Mnzanu akawerenga mawu amenewa pa foni atangowaimba kumene m'tchalitchi, amamva kuti munali naye limodzi pa Misa ngakhale muli kutali.

Dalitso, ndi kachilembo kamene kamalipanga kukhala dalitso

Apa Chichewa chimatithandiza kwambiri. Tonse timadziwa kusiyana kwa "Ambuye amakudalitsa" ndi "Ambuye akudalitse". Choyamba chikunena chimene chimachitika, chachiwiri ndi pemphero, ndipo chizindikiro chachikulu cha kusiyanako ndi chilembo chomaliza. Chitaliyana chimachitanso chimodzimodzi. *Il Signore ti benedice* ndi "Ambuye amakudalitsa", pamene *Il Signore ti benedica* ndi "Ambuye akudalitse". Mukalemba *benedice* simunalakwe galamala, koma mwasiya kudalitsa nkuyamba kufotokoza, ndipo mnzanuyo adzaona kuti penapake pasokonekera.

Simufunika kuphunzira malamulo onse a kasinthidwe ka aneni. Aneni anayi okha, mutawasunga monga alili pano, akukwanirani zaka zambiri. *Benedica* ndi "adalitse", *custodisca* ndi "asunge", *doni* ndi "apatse", ndipo *illumini* ndi "aunikire". Awiri oyambawo amayendera limodzi m'dalitso lakale la pa Numeri 6:24, *Ti benedica il Signore e ti custodisca*, Ambuye akudalitse ndi kukusunga. Kuti likhale la Paska mungoonjezera *risorto*, wouka kwa akufa, ndipo mudzakhala ndi *Il Signore risorto ti benedica e ti custodisca*. Ndi *doni* mukhoza kupanga *Il Risorto ti doni la sua pace*, Wouka uja akupatse mtendere wake, ndipo m'malo mwa *pace* mungaike *gioia*, chimwemwe, kapena *forza*, mphamvu, pakuti onsewa amayenda ndi *la sua*. Ndi *illumini* pamatuluka *La luce di Cristo risorto illumini il tuo cammino*, kuwala kwa Khristu wouka kuunikire njira yako, mawu amene amakumbutsa kandulo wamkulu wa Paska akulowa m'tchalitchi chamdima. Ena amayamba ziganizo zotere ndi *che*, monga *Che il Signore ti benedica*, ndipo zonse ziwiri nzolondola.

Polembera anthu angapo, *ti* amangosanduka *vi* paliponse, ndipo *il tuo cammino* amakhala *il vostro cammino*. Polembera wolemekezeka mpamene pamafunika maso. Kamawu ka ulemu kali ndi maonekedwe awiri, *Le* ndi *La*, ndipo kamene mugwiritse kamadalira mneni. Pofunira kapena popatsa munthu kanthu ndi *Le*: *Le auguro*, *Le doni*. Podalitsa, posunga kapena pokumbukira munthuyo ndi *La*: *La benedica*, *La custodisca*, *La ricordo*. *La* ameneyu sasintha ngakhale wolandirayo ndi mwamuna, choncho kwa bambo mfumu mudzalembabe *Il Signore La benedica*. Chilembo chachikulu pa *Le*, *La* ndi *Suo*, amene ndi "wanu" waulemu, ndi chizindikiro cha ulemu cha m'makalata, ndipo ngakhale achinyamata ambiri anachisiya, kwa wansembe wachikulire ndi bwino kuchisunga.

Dalitso limodzi ndi lokwanira. Pa intaneti mudzapeza ndime zazitali zokamba za nkhunda, maluwa ndi mabelu, zina zokhala ngati ndakatulo, ndipo Ataliyana amalandira zotere zambirimbiri chaka chilichonse mpaka sazimalizanso kuwerenga. Iwo omwe amaseka yankho lozolowereka lakuti *anche a te e famiglia*, kwa iwenso ndi banja, limene munthu amangolibwereza kwa aliyense osaganizira. Chimene chimasiyanitsa uthenga wanu ndi mulu umenewo ndi chiganizo chimodzi chimene sichingatumizidwe kwa munthu wina aliyense.

Chitsanzo chimodzi, kuyambira poyamba mpaka potumiza

Tiyerekeze kuti mnzanu ndi mayi wamsinkhu wanu, timutche Anna, amene anagwirapo ntchito ya unamwino pachipatala cha mishoni kwanuko nabwerera kwawo, ndipo amayi ake amwalira mkati mwa Lenti yomweyi. Mumalemberana ndi *tu*, ndiye mzere woyamba ndi *Cara Anna* basi.

Pofika pa mafuno, *tanti auguri* ndi *felice Pasqua*, Paska yachimwemwe, sizikuyenera, chifukwa munthu amene wangoika kumene mayi ake m'manda sangakhale ndi Paska ya chisangalalo chotere, ndipo kumufunira zimenezo kuli ngati simunamve za malirowo. Ataliyana ali ndi liwu la nthawi zoterezi, *serena*, lonena za mtima wodekha, ndipo *Ti auguro una Pasqua serena* angakhale mafuno oyenera. Komabe kwa Mkatolika wolira palibe mawu oposa kulengeza kwa kuuka komweko, pakuti ndiko kumene chiyembekezo chake pa amayi akewo chatsamira. Choncho tisankha *Cristo è risorto!*

Dalitso litenge *doni*, popeza chimene akusowa ndi mtendere, ndipo tilumikizepo mawu akuti *ti sia vicino*, akhale nawe pafupi. Kenaka pabwere chiganizo chake chokha, chotchula amayi ake mosabisa. Uthenga wonse ukhala motere:

*Cara Anna,*
*Cristo è risorto! Ti doni la sua pace e ti sia vicino in questa prima Pasqua senza la tua mamma. Ho pregato per lei durante la Veglia.*
*Un abbraccio,*

ndipo pansi pake mulembe dzina lanu. *Cristo* wasunga chilembo chachikulu chifukwa ndi dzina. M'Chichewa uthengawo ukuti: Wokondedwa Anna, Khristu wauka! Akupatse mtendere wake ndi kukhala nawe pafupi pa Paska yoyamba ino popanda amayi ako. Ndawapempherera pa Misa ya usiku wa Paska. Ndikukukumbatira.

Muone zinthu ziwiri m'chitsanzochi. Ndasankha *la tua mamma* m'malo mwa *tua madre* chifukwa *mamma* ndi liwu lofunda limene ngakhale akuluakulu amanena pokamba za amayi awo, ndipo limayenda ndi *la* patsogolo pamene *madre* sayenda naye. Chachiwiri nchofunika koposa galamala: *ho pregato* akutanthauza kuti mwapemphera kale. Lembani zimenezi pokhapokha ngati mwachitadi. Ngati simunapite ku Misa ya usiku, nenani chimene mudzachite, *pregherò per lei*, ndidzawapempherera, ndipo mukachitedi. Uthenga waufupi ulibe pobisalira, kotero liwu lililonse limene mwaikamo liyenera kukhala loona.

Kwa wansembe amene anatumikira paparishi yanu, zigawo ndi zomwezo koma mwaulemu:

*Caro padre Mario,*
*Le auguro una Santa Pasqua. Il Signore risorto La benedica e La custodisca. Qui in parrocchia La ricordiamo sempre con affetto.*
*Con stima,*

Chiganizo chachitatucho chikuti kuno kuparishi timakukumbukirani nthawi zonse mwachikondi, ndipo kwa mmishonale wokalamba amene akukhala m'nyumba yopumuliramo ansembe, kutali ndi anthu amene anawabatiza ndi kuwakwatitsa, chiganizo chimenecho ndicho adzachiwerenge kawiri. Ngati Chitaliyana chakuthawani pa chiganizo cha iye yekhachi, chilembeni m'Chichewa. Munthu amene anakhala zaka zambiri ku Malawi adzasangalala kuona mafuno m'chinenero chake ndi nkhani ya kumudzi m'chinenero chathu, ndipo zimenezi nzabwino kuposa chiganizo chachitali chimene inu nomwe simukudziwa ngati chikunena zoona.

Za mawu otsekera, *un abbraccio* ndi *con affetto*, mwachikondi, ndi a mabwenzi. *Con stima*, mwaulemu, ndi wa akuluakulu. *Uniti nella preghiera*, ogwirizana m'pemphero, amayenera aliyense wa mu Mpingo. Pewani *ti amo*, chifukwa ndi mawu a anthu okwatirana kapena a pachibwenzi. Chikondi cha paubale ndi paubwenzi chimanenedwa kuti *ti voglio bene*.

Werenganinso chilembo ndi chilembo

Musanatumize, yang'anani liwu lakuti *risorto*. M'Chichewa *l* ndi *r* sasintha tanthauzo la liwu, ndipo dzanja lathu limawasinthanitsa ife osazindikira. M'Chitaliyana *risorto* ndi "wauka", koma *risolto* ndi "lathetsedwa", monga vuto kapena samu. Foni nayo ikhoza kulikonza yokha nkulisandutsa *risotto*, dzina la chakudya cha mpunga. Pa liwu limene lanyamula uthenga wonse wa Paska, cholakwika chotere ndi chomvetsa chisoni, choncho liwerengeni pang'onopang'ono: r pachiyambi, r pakati, t mmodzi. *Caro* alinso ndi r mmodzi, pakuti *carro* ndi ngolo.

Chachiwiri ndi kachizindikiro ka pamwamba pa *è*. *E* wopanda kanthu ndi "ndi", wolumikiza zinthu ziwiri, pamene *è* ndi mneni. *Cristo e risorto* ndi chiganizo chosamalizika. Pa foni, dinikizani chilembo cha e osachotsa chala, ndipo pa timaonekedwe timene tituluke sankhani kamene kamzere kake kakutsetserekera kumanja, è, osati é. Chilembo chachikulu chake ndi È, ndipo chimapezeka mwa njira yomweyo. Kuika Chitaliyana pa zinenero za kiyibodi ya foni yanu kumathandiza kuti isamalimbane ndi mawu amenewa. Pomaliza, *Pasqua* amalembedwa ndi q komanso chilembo chachikulu. *Pascua* wa c ndi Chisipanishi.

Ngati mwaganiza zojambula mawu m'malo molemba, katchulidwe kake sikovuta kwa wolankhula Chichewa, chifukwa mavawelo ake asanu ndi ofanana kwambiri ndi athu. *Buona Pasqua* amamveka ngati "bwona paskwa", *pace* ngati "pache", *luce* ngati "luche", *gioia* ngati "joya", *che* ngati "ke", ndipo *custodisca* ngati "kustodiska". Mu *auguri* ndi mu *benedica* mphamvu ya liwu imagwera pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, monga timachitira m'Chichewa, koma mu *illumini* imagwera pa *lu*. Chofunika kuyeserera ndi r, amene ayenera kunjenjemera pa nsonga ya lilime, ndiponso kupewa kulowetsa vawelo pakati pa makonsonanti, kuti *Cristo* asakhale "kirisito".

Nthawi yotumiza

Uthenga wolondola ukhoza kufika pa tsiku lolakwika. Kuyambira pa Misa ya madzulo a Lachinayi Loyera mpaka usiku wa Loweruka Loyera mabelu a matchalitchi amakhala chete, ndipo Aleluya amakhala asanaimbidwe chiyambire Lachitatu la Phulusa. Kutumizira Mkatolika *Cristo è risorto!* kapena *Alleluia* pa Lachisanu Loyera, iye akuchokera ku Njira ya Mtanda, kuli ngati kululutira maliro asanatuluke m'nyumba. Ngati mukufuna kumulembera m'masiku amenewo, pali *Buona Settimana Santa* ya kumayambiriro kwa Sabata Loyera ndi *Buon Triduo* ya masiku atatu oyerawo. *Buona Pasqua* ndi *Ti auguro una Santa Pasqua* akhoza kutsogola masiku angapo, chifukwa ndi mafuno a zimene zikubwera, ndipo Ataliyana enieniwo amafunirana choncho akamasiyana pantchito tchuthi chisanayambe. Pachifukwa chomwechi, khadi yopita papositi, imene simungadziwe tsiku lake lofikira, ikhale ndi mawu amenewa osati kulengeza kwa kuuka.

Nthawi yabwino koposa ya *Cristo è risorto!* ndi pamene Misa ya usiku yatha, kapena m'mawa wa Lamulungu. Paska imagwa pakati pa 22 Marichi ndi 25 Epulo. Ya 2026 ndi pa 5 Epulo ndipo ya 2027 ndi pa 28 Marichi. Ku Italiya amasunthira mawotchi awo patsogolo ndi ola limodzi pa Lamulungu lomaliza la Marichi, ndipo kuyambira pamenepo nthawi yawo imafanana ndendende ndi ya ku Malawi, Zambia ndi Mozambiki. Motero pafupifupi chaka chilichonse, ikamakwana 8 koloko m'mawa wa Paska ku Lilongwe, ku Roma ilinso 8 koloko. Yesetsani kutumiza dzuwa lisanafike pamutu, chifukwa 12 koloko ambiri amaonera Apapa akupereka dalitso la *Urbi et Orbi* kuchokera pakhonde la tchalitchi cha Petro Woyera, ndipo zikatha amakhala pa chakudya cha banja chimene chimatenga maola angapo. Wansembe amene adakali paparishi amakhala wotopa ndi wotanganidwa kuyambira Lachinayi, kotero musadabwe yankho lake likabwera Lolemba kapena Lachiwiri.

Mukachedwa, simunataye mwayi. Lolemba lotsatira ndi tchuthi ku Italiya, lotchedwa *Lunedì dell'Angelo* kapena *Pasquetta*, tsiku limene mabanja ndi mabwenzi amapita kokayenda kunja kwa tauni, ndipo *Buona Pasquetta* ndi moni wake wopepuka. Mu Mpingo, masiku asanu ndi atatu oyamba amawerengedwa ngati tsiku limodzi la chikondwerero, choncho uthenga wanu ukhoza kupita wosasinthidwa mpaka Lamulungu lachiwiri la Paska, la Chifundo cha Mulungu. Mukafuna kupepesa, onjezerani *anche se in ritardo*, ngakhale ndachedwa. Kupyola pamenepo, nyengo ya Paska imapitirira masiku 50 mpaka Pentekoste, ndipo *Buon tempo di Pasqua* ndi mafuno amene wansembe kapena sisteri adzawamva bwino.

Mwina mnzanuyo ndiye adzayambe kukulemberani. Akati *Cristo è risorto!*, yankhani *È veramente risorto!* Akati *Buona Pasqua* kapena *auguri*, yankho lalifupi ndi *Grazie, altrettanto!*, zikomo, zikhale chimodzimodzi kwa inu, ndipo limayenera *tu* ndi *Lei* yemwe popanda kusintha kanthu. Lofunda kuposa pamenepo ndi *Ricambio di cuore*, ndikubwezera mafunowo ndi mtima wonse, ndipo pambuyo pake mukhoza kulumikiza dalitso lanu lija ndi chiganizo cha iye yekha monga munakonzera.